Tayala likumangotupa m'mbali mukamenya dzenje: onani msinkhu wa khoma ndi mpweya

Ngati mwasinthapo tayala chifukwa chotupa m'mbali, kenako patangopita miyezi yochepa linanso latupa, mwina mbali yomweyo ya kutsogolo, musathamangire kunena kuti matayala a masiku ano ndi achabechabe. Pena ndi zoona, matayala ena ndi ofooka, koma nthawi zambiri vuto limakhala loti pakati pa msewu ndi limu yanu palibe mpata wokwanira. Mpata umenewo umapangidwa ndi zinthu ziwiri basi, msinkhu wa khoma la m'mbali la tayala ndi mpweya umene mwapopamo. Mukagula tayala lina la saizi yomweyo nkupopa mpweya womwewo nkumayenda msewu womwewo, lidzatupanso ndithu.

Tiyambe ndi chimene chimachitika gudumu likagwera m'dzenje. Polowa m'dzenjemo sipamaonongeka kanthu kwenikweni, zoopsa zili potuluka, pamene tayala likumenya mlomo wa kutsogolo wa dzenjelo, paja phula limakhala lodukaduka lakuthwa. Tayala limafinyika, mpweya umakankha kuti lisafinyike kwambiri, koma mphamvu ikachuluka limaphwatalala mpaka khoma la m'mbali kupindika pawiri nkupanika pakati pa mlomo wa dzenje ndi mkombero wa limu. Mkati mwa khomalo muli ulusi wolimba umene umayenda kuchokera mkombero wina kukafika mkombero winawo, ndipo pa matayala ambiri a galimoto zing'onozing'ono ulusiwu umakhala mzere umodzi kapena iwiri yokha, mulibe mawaya achitsulo ngati amene ali pansi popondera paja. Ulusi ukapanika chonchi umaduka. Labala yakunja imaoneka yabwinobwino chifukwa labala imatamuka, koma tsopano palibe chogwira mpweya pamalopo, ndiye mpweya umatukumula labalayo nkutuluka chotupa. Chimatha kuoneka tsiku lomwelo, pena chimadzaoneka patapita masiku kapena masabata, nchifukwa chake anthu ambiri amati "koma sindinamenye paliponse" pomwe anamenya kalekale anaiwala.

Mphamvu ikapitirira pamenepo imakafika pa limu yeniyeniyo. Limu yachitsulo imapindika mkombero, ya aloyi imapindika kapena kung'aluka kumene. Ndiye tayala lotupa ndi limu yopindika gwero lake ndi limodzi, kungoti kwinaku kumenyako kunali kwamphamvu.

Musanachite china chilichonse onetsetsani kuti ndi chotupadi. Yendetsani chikhatho kuzungulira khoma lonse. Ngati mwapeza malo olowa mkati pang'ono, kamzere kochokera ku limu kupita popondera, kawirikawiri amenewo ndi malo amene ulusi unalumikizidwa popanga tayalalo ndipo si vuto. Koma chotukumukira kunja, ngakhale chaching'ono bwanji, ulusi waduka. Ndipo musangoona mbali ya kunja yokha ayi. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto, suzumirani khoma la mkati la matayala akutsogolo ndi tochi, akumbuyo muwakweze pa jeke muzungulitse ndi dzanja. Zotupa zambiri zimabisala mkatimo ndipo munthu amayenda nazo miyezi osadziwa. Amene amakonza matayala akalichotsa pa limu, muuzeni akuonetseni mkati mwake pamalo otupawo, nthawi zambiri mumaona kachilonda kong'ambika kapena timizere tiwiri tofanana, pamene mkombero unaluma. Mukaona zimenezo dziwani kuti ndi dzenje kapena mwala, osati vuto la kufakitale.

Tayala lotupa silikonzeka. Alipo amene angakuuzeni kuti aika chigamba mkati, kapena aikamo chubu, kapena alitembenuza kuti chotupacho chiyang'ane mkati, kapena mulipititse kumbuyo. Zonsezi sizilumikiza ulusi woduka. Khoma la m'mbali limapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse gudumu likazungulira, ndiye ulusi woyandikana ndi wodukawo ukunyamula katundu wa anzake nkumadukanso pang'onopang'ono, tsiku lina liphulika muli pa liwiro. Kuliika kumbuyo nkoipanso, tayala lakumbuyo likaphulika galimoto imagwedeza kumbuyo ndipo kuiwongola kumavuta. Ikani sipeya, ngati sipeya palibe yendani pang'onopang'ono kukafika pogula lina basi.

Tsopano nkhani ya khoma. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala ngati 215/45R17. Nambala yoyamba, 215, ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita. Yomaliza, 17, ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Yapakati ija ndi imene imasokoneza anthu, 45 si mamilimita ayi, ndi peresenti ya mulifupi muja. Ndiye khoma la tayala limeneli ndi 45 peresenti ya 215, omwe ndi mamilimita pafupifupi 97. Nchifukwa chake simungayerekeze matayala awiri pongoyang'ana nambala yapakati, 55 pa tayala lopapatiza ndi 55 pa tayala lotambalala ndi misinkhu iwiri yosiyana.

Komanso mamilimita 97 amenewo si onse amene ali mpata wofinyikira. Mkombero wa limu wadyapo kale mamilimita pafupifupi 17, kukhuthala kwa labala yopondera ndi mawaya ake kwadyaponso, kulemera kwa galimoto kwaphwetsa tayala pang'ono pansipo ngakhale galimoto itangoima. Chotsala nchochepa kwambiri. Apa mpamene mumaona kuti kuonjezera mamilimita 15 kapena 30 pa khoma si nkhani yaing'ono, chifukwa onsewo amapita ku mpata weniweni wotsalawo.

Tiyeni titenge galimoto yaing'ono ya banja imene ili pa malimu a aloyi a mainchesi 17 ndi matayala a 215/45R17, ndipo mwini wake watopa ndi kusintha matayala akutsogolo. Chimene akufuna ndi khoma lalitali koma gudumu lonse likhale la msinkhu womwewo, kuti lisakhule ku thupi la galimoto komanso sipidomita isamaname. Msinkhu wa gudumu lonse timaupeza chonchi:

```
msinkhu = (limu x 25.4) + 2 x (mulifupi x peresenti / 100)

215/45R17: 431.8 + 2 x 96.75  = 625.3
205/55R16: 406.4 + 2 x 112.75 = 631.9
195/65R15: 381.0 + 2 x 126.75 = 634.5
```

Taonani, magudumu atatu onsewa ndi ofanana msinkhu, kusiyana kwa lalikulu ndi laling'ono ndi mamilimita 9 okha, pafupifupi 1.5 peresenti. Koma khoma lakwera kuchoka pa 97 kufika pa 113 akatsikira ku limu ya 16, ndipo lafika pa 127 akatsikira ku 15. Galimoto siinakwere, siinatsike, kungoti chitsulo chachepa, labala ndi mpweya zachuluka. Lamulo limene okonza matayala amatsatira ndi loti msinkhu wa gudumu latsopano usasiyane ndi loyamba kupitirira 3 peresenti, ndipo apa tili mkati bwinobwino. Sipidomita idzasintha pang'ono chabe, pa limu ya 15 pamene imanena 100 galimoto idzakhala ikuthamanga kilomita imodzi ndi theka kuposa mmene inkathamangira kale pa 100 pomwepo.

Funso limene limabwera pompo ndi loti, nanga osangosiya malimu a 17 omwewo nkugula tayala lalitali? Tiwerengere. 215/50R17 ili ndi khoma la mamilimita 107.5, gudumu lonse 646.8, omwe ndi 3.4 peresenti pamwamba pa loyamba lija. Lapitirira malire, ndipo pa galimoto zambiri zing'onozing'ono limayamba kukhula pulasitiki ya mkati mwa madigadi mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto kapena mukanyamula anthu kumbuyo nkumenya hampu. 205/50R17 ndiye imalowa, gudumu lonse ndi 636.8, koma khoma ndi 102.5, mwangopindula mamilimita 6. Bola kusiyana ndi kungokhala, ndipo ngati ndalama ya malimu palibe ndi poyambira, koma musayembekezere kuti vuto latheratu. Kutsitsa limu ndi kumene kumapereka mpata weniweni.

Kutsitsa limu kuli ndi malire ake, ndipo malire oyamba ndi mabuleki. Limu yaing'ono iyenera kuzungulira kalipa ya buleki, chitsulo chimene chimapana disiki, osaikhudza. Galimoto ya mtundu umodzi pena imatuluka ndi mabuleki a saizi ziwiri, ya injini yaikulu imakhala ndi madisiki akuluakulu moti limu ya 15 siingalowe, 16 ndiye pothera. Njira yachidule yodziwira, onani kapepala ka mpweya kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena buku la galimoto, nthawi zambiri amalembapo saizi zonse zimene galimotoyo imaloledwa, ndipo yaing'ono kwambiri pa mndandandawo ndi imene mukufuna. Ngati simukupeza, musagule malimu anayi musanayese, mangani imodzi kutsogolo, zungulitsani ndi dzanja galimoto ili pa jeke, suzumirani muone kuti pali mpata pakati pa kalipa ndi limu kuzungulira konse, poganiziranso timitovu tobalansira timene amamata mkati mwa limu. Limuyo igwirizanenso mabowo a mabauti, bowo lapakati, ndi nambala yolembedwa ET imene imanena mmene limu imalowera mkati kapena kutulukira kunja. Limu ya mabowo ongotsala pang'ono kugwirizana, yomangidwa mokakamiza, imeneyo isiyeni.

Chinanso muone nambala imene imabwera pambuyo pa saizi, monga 91H kapena 87W. Nambalayo ndi katundu amene tayala limodzi linganyamule, 87 ndi makilogalamu 545, 91 ndi makilogalamu 615. Tayala latsopano lisatsike pa nambala imene galimoto inalembedwa. Mwamwayi mukatsitsa limu nambalayi kawirikawiri imakwera yokha chifukwa tayala lalitali limasunga mpweya wambiri, 195/65R15 ndi 205/55R16 zambiri zimakhala 91. Chimene mutaye nchakuti chiwongolero sichidzamveka chakuthwa ngati kale pokhota mwaliwiro, ndipo galimoto siidzaoneka yachinyamata ngati pa 17 paja. Kwa munthu amene tsiku ndi tsiku akuzemba maenje, ine ndikuona kuti palibe chodandaulitsa pamenepo. Malimu a 15 achitsulo ndi onyasa, inde, koma akapindika mkombero amawongoleka ndipo mumapitiriza ulendo.

Tibwere ku mpweya, chifukwa apa ndi pamene pali chinyengo chachikulu. Anthu ambiri amaphwetsako matayala dala akati msewu ndi woipa, akuti galimoto izifewa isamadumphe. Imafewadi, pa timiyala ndi tizigwembe ting'onoting'ono mumamva bwino, koma mwachotsa chinthu chokhacho chimene chimaletsa limu kukafika pansi. Mpweya wochepa ndiye kuti tayala laphwa kale lisanafike pa dzenje, komanso limafinyika mosavuta likamenya. Zophwetsa matayala zija nza galimoto zazikulu za makoma ataliatali zikamadutsa mumchenga kapena m'matope pang'onopang'ono, ndipo akatuluka amapopanso. Pa phula la maenje akuthwa ndi tayala la 45, kuphwetsa ndi kuitana chotupa.

Mpweya woyenera suli pa tayala. Nambala yolembedwa pa khoma la tayala ndi mawu akuti MAX PRESS, kawirikawiri 44 psi kapena 51 psi, ndi malire a tayalalo, si mpweya woyendera. Woyendera uli pa kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, pena mkati mwa chotsekera pothirira mafuta. Pa galimoto zing'onozing'ono umakhala cha m'ma 2.2 bar, omwe ndi 32 psi kapena 220 kPa, kutengera geji imene mukugwiritsa ntchito. Mapepala ambiri amapereka manambala awiri, ya galimoto yopepuka ndi ya galimoto yodzaza anthu ndi katundu. Pa msewu wa maenje musatsike pa nambala ya pa kapepalayo ngakhale pang'ono, ndipo ine ndimakonda kuonjezerapo 0.2 bar, ngati 3 psi, makamaka pa matayala a khoma lalifupi. Ndiye kapepala kakati 2.2 popani 2.4. Mukanyamula katundu tsatirani nambala ya galimoto yodzaza musananyamuke, chifukwa matayala akumbuyo amatupa mosavuta galimoto italemedwa koma mpweya uli wa munthu mmodzi. Mukasintha saizi ya matayala nkupita ku saizi imene ili pa kapepala, tengani mpweya wa saizi yatsopanoyo.

Koma musapitirize kunena kuti basi ndipope 3 bar kuti lilimbe zedi. Tayala lolimba ngati mwala silifinyika, inde, koma tsopano kumenya konse kukudutsa nkukagwera mashoko, mabushi ndi timfundo ta chiwongolero, gudumu limadumphadumpha m'malo mogwira msewu moti mabuleki pa msewu wokumbika amachedwa kugwira, pakati popondera pamatha msanga, komanso mwala wakuthwa umatha kung'amba mawaya a popondera chifukwa tayala silikugonja. Mwathawa vuto la tayala nkukagwa m'vuto la makaniko.

Ndipo muziyeza matayala ali ozizira, kutanthauza galimoto yaima maola atatu kapena mwangoyenda makilomita osaposa awiri kapena atatu. Tayala likayenda mtunda limatentha ndipo geji imakwera ndi 0.2 mpaka 0.3 bar. Apa mpamene anthu amadzipweteka osadziwa. Munthu wayenda ola lathunthu masana, waima pothira mafuta, geji ikuti 2.5, iye akuti achuluka nkuuza wopopa kuti aphwetse afike pa 2.2. Mmawa tayalalo litazizira lili pa 1.9, ndipo ulendo woyamba wa mmawa ndi umene akamenye nawo dzenje. Tayala lotentha musaliphwetse, ngati mukuyenera kupopa lili lotentha onjezerani 0.3 pa nambala yanu nkudzayezanso mmawa. Gulani kageji kanu kosunga m'galimoto, mageji a pamalo opopera amagwa, amapondedwa, ndipo awiri akhoza kukupatsani manambala awiri osiyana pa tayala limodzi. Kuyang'ana ndi maso kapena kumenya ndi phazi ndiye sikuthandiza nkomwe, tayala la khoma lalifupi limaoneka chimodzimodzi lili pa 2.3 kapena pa 1.6. Tayala labwinobwino limataya mpweya pang'ono lokha mwezi uliwonse, ndiye pa misewu yoipa kuyeza pakatha masabata awiri aliwonse si kuonjeza.

Ngati gudumu limodzi lokha ndi limene limangotupitsa matayala, kaikirani limu yake. Mkombero ukapindika pang'ono tayala silikhala bwino, mpweya umathawa pang'onopang'ono, pakatha sabata lili pansi ndi 0.4 bar inu osadziwa, mumamenya dzenje, latupa, mwagula lina nkulivekanso pa limu yomweyo. Malimu a aloyi amakonda kupindika mkombero wa mkati chifukwa masipoko ali kunja ndipo mbali ya mkati ilibe choichirikiza, ndiye mukayang'ana kunja zonse zimaoneka bwino. Chotsani gudumu, ligonekeni pansi, thirani madzi a sopo kuzungulira pamene labala yakumana ndi limu mbali zonse ziwiri komanso pa valavu, dikirani pang'ono muone pamene pakutuluka thovu. Chizindikiro china ndi kunjenjemera kwa chiwongolero cha m'ma 80 mpaka 110 pa ola kumene sikutha ngakhale abalanse kangati. Pa makina obalansira mukaimirira pambali nkuyang'ana mkombero wa mkati gudumu likuzungulira, mudzaona ukudumpha. Limu ya aloyi yopindika pang'ono imawongoledwa pa makina ake, osati ndi hamala ili yozizira chifukwa imang'aluka. Yong'aluka pa sipoko kapena pafupi ndi mabowo a mabauti ndi yotaya.

Ngati limu ili bwino ndipo mpweya sukuthawa koma mbali imodziyo ikuvutabe, auzeni amakaniko aone shoko ndi sipuling'i ya gudumulo. Shoko yotha kapena sipuling'i yogwa imalola galimoto kutsika mpaka pothera nkugunda, ndipo kugundako kukafika pothera tayala ndi limene limalandira zotsalazo. Galimoto zimene eni ake anazitsitsa dala kuti zioneke bwino ndiye vutoli limakhala lowirikiza.

Pa za matayala olembedwa XL, amathandiza pang'ono chifukwa anapangidwa kuti anyamule katundu wambiri pa mpweya wochuluka, amafika pa mphamvu yake yonse pa 2.9 bar pomwe wamba amafika pa 2.5, koma XL ya 45 ndi ya 45 basi, mpata wake suchuluka. Ndipo mukamagula matayala ogwiritsidwa kale ntchito onani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT, monga 2319 kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019, komanso mulipime mkati lisanavekedwe, chifukwa tayala limene linapanika kale silionetsa chotupa mpaka litapopedwa.

Kayendetsedwe nakonso kali ndi kachinthu kamodzi kamene madalaivala ambiri amalakwitsa, kuponda buleki mpaka kulowa nayo m'dzenje. Mukamaponda buleki kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, masipuling'i akutsogolo amafinyika, matayala akutsogolo amaphwatalala, ndiye mukufika pa mlomo wa dzenje mpata wonse mutaudya kale. Pondani buleki mwamphamvu dzenje lisanafike, kenako isiyeni pang'ono chabe gudumu lisanagwere, mphuno ya galimoto idzuke, gudumu ligubuduke lokha. Ngati kuzemba sikutheka limenyeni chiwongolero chili chowongoka, popondera ponse pakumane ndi mlomo wa dzenje, chifukwa kukhotetsa mochedwa kumachititsa kuti phula lakuthwalo ligwire phewa kapena khoma la tayala kumene kulibe mawaya, ndipo pamenepo limangong'ambika osati kutupa kokha. Liwiro ndiye musalipeputse, mphamvu imene galimoto ili nayo pa 60 ndi kanayi ya imene ili nayo pa 30, osati kawiri. Zoti ukathamanga kwambiri umaliwulukira dzenje zimatheka pa kadzenje kakafupi kokha, lalitali gudumu limatsikabe nkukamenya mlomo wakutsogolo ndi liwiro lonselo. Dzenje lodzaza madzi mulitenge ngati lakuya, ndipo siyani mpata wokwanira pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo, makamaka ikakhala yaikulu, chifukwa iyo dzenje imalidutsa pakati pa magudumu ake nkukuvundukulirani inu litafika kale pa bampala.

Mukamenya mwamphamvu mpaka kumva chitsulo chikulira, imani pamalo abwino muone makoma onse awiri a gudumulo ndi mkombero wake, yezani mpweya mmawa wake, ndipo muonenso pakatha sabata. Chiwongolero chikayamba kukokera mbali imodzi kapena chikakhala chopendekeka galimoto ikuyenda mowongoka, alayimenti yasuntha, ndipo muikonzetse musanaveke tayala latsopano kuti lisadyeke mbali imodzi.